Makhadi a mawu onyenga a Chingerezi: kapangidwe kake ndi masewera a mwana wa zaka 6

Mwana amene wayamba kuwerenga Chinyanja amadalira njira imodzi: amatchula liwu la chilembo chilichonse, n'kulumikiza. Mutamulembera "nyemba" kapena "chimanga", ngakhale sanawaonepo mawuwo, awatulutsa ndithu, chifukwa Chinyanja chimalembedwa monga chimamvekera. Tsono akakumana ndi *come* m'buku la Chingerezi amachita zomwezo. Amati "ko-me", kapena "cho-me" ngati wazolowera mabuku a kuno ku Zambia momwe chilembo c chimaimira liwu la "ch". Akaona *one* amati "o-ne", ngati mmene timathera ponena kuti "ndione". *The* amamutchula ngati chiyambi cha "theka". Mwanayu musamudzudzule, chifukwa watsatira bwino lamulo limene anaphunzitsidwa, kungoti wafika pa mawu amene salimvera lamulolo.

Mawu otere tiwatche mawu onyenga. Si ambiri, koma ndi amene amabwerabwera pa mzere uliwonse wa nkhani za ana, moti mwana akapanda kuwagwira amaima kawiri kapena katatu m'chiganizo chimodzi mpaka kuiwala zimene amawerenga. Makhadi amathandiza, ngati apangidwa ndi kugwiritsidwa ntchito moyenera. Chofunika kuchigwira kuyambira pano n'chakuti m'mawu onyenga ambiri, kachigawo kamodzi kokha ndi kamene kamanyenga. Mu *said*, s ndi d zili bwinobwino. Chimene chimasokoneza ndi *ai* amene pano akumveka "e". Mwana azitchula yekha zigawo zokhulupirikazo, n'kuloweza kachigawo konyengako basi.

Yambani mwamuyesa mwana

Lembani *cat*, *sit* ndi *pot* papepala. Ngati mwana akutha kutchula maliwu a zilembozo n'kuzilumikiza, ngakhale pang'onopang'ono, wakonzeka. Ngati sakudziwabe maliwu a zilembo, makhadi adikire. Mupatseni atatu okha, *I*, *a* ndi *the*, ndipo nthawi yambiri ipite ku maliwu. Mwana amene sadziwa zilembo amaloweza khadi ngati chithunzi, ndipo njira imeneyi imayenda pa makhadi ochepa oyambirira, kenako mawu amayamba kufanana m'maso mwake, zonse n'kusakanikirana.

Kusankha mawu

Aphunzitsi ambiri ali ndi mndandanda wa mawu 220 umene Edward Dolch wa ku America anasonkhanitsa mu 1936. Ndi mndandanda wa mawu opezekapezeka, osati wa mawu onyenga okha. Muli *and*, *in*, *it*, *can*, *big* ndi *red*, amene mwana angawerenge yekha potchula maliwu. Kuika amenewa pa makhadi oloweza n'kumuphunzitsa mwana kusiya luso limene ali nalo kale. Asiyeni aziwawerenga mwa nthawi zonse.

Oyenera makhadi, motsatana kuyambira ofunika msanga, ndi awa. Gulu loyamba: *I*, *the*, *to*, *no*, *go*. Lachiwiri: *he*, *she*, *we*, *me*, *be*. Lachitatu: *was*, *you*, *my*, *they*, *are*, *of*. Lachinayi: *said*, *have*, *come*, *some*, *do*, *one*, *what*, *were*, *there*. Onse pamodzi ndi 25, ndipo n'ngokwanira temu yathunthu, mwinanso kupitirira. Koma buku limene mwana akuwerenga kusukulu ndilo lizikutsogolerani. Ngati nkhani ya sabata ino ili ndi *said* paliponse, mutengeni *said* tsopano, osadikira gulu lachinayi.

Mawu amene amanyenga mofanana aphunzitseni limodzi, chifukwa amakokana. *He*, *she*, *we*, *me* ndi *be* onse ali ndi e womveka "i", choncho mwana amaphunzira chinthu chimodzi n'kupeza mawu asanu. *Come* ndi *some* ndi apachibale, *to* ndi *do* chimodzimodzi. Koma mawu ofanana maonekedwe okha, osiyana katchulidwe, atalikitseni ndi masabata awiri kapena atatu. *The*, *they* ndi *there* asalowe sabata imodzi, *of* asakumane msanga ndi *off* kapena *for*, ndipo *were* akhale kutali ndi *where*.

Kupanga makhadi

Simufunika kugula makhadi osindikizidwa. Pepala la manila ndi labwino, komanso katoni yopyapyala ya sopo kapena ya mabisiketi, imene mungapemphe pa kantemba kapena kwa ogulitsa mumsika wa Kapata ku Chipata, imagwira ntchito malinga mkati mwake ndi mosalembedwa. Poyeza kukula, pindani pepala la A4 katatu kuti mutuluke zidutswa 8. Chidutswa chimodzi chimakhala pafupifupi masentimita 7 ndi theka m'lifupi ndi 10 ndi theka m'litali, chokwanira bwino m'dzanja la mwana. Aphunzitsi oonetsa kalasi yonse adule zidutswa zinayi zokha kuti a kumbuyo aone.

Lembani ndi cholembera chakuda chonenepa, zilembo zazing'ono zosalumikiza, zotalika masentimita atatu, zoumbidwa monga mwana amaziumbira m'kope lake. *I* yekha ndiye alembedwe ndi chilembo chachikulu. Mawu amodzi pa khadi limodzi, pakatikati, popanda chithunzi kapena maluwa m'mphepete.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya: makhadi onse akhale ofanana ndendende, mtundu umodzi wa pepala, cholembera chimodzi, kukula kumodzi. Ana ndi ochenjera pofuna njira yachidule. Ngati khadi la *was* lili ndi dontho la mafuta kapena ngodya yong'ambika, mwana aloweza dontholo n'kumayankha molondola tsiku lililonse osayang'ana zilembo. Mudzazindikira tsiku limene adzakumana ndi *was* m'buku n'kungoti kakasi. Khadi likada kapena likang'ambika, lembani lina.

Mawu alionse akhale ndi makhadi atatu. Loyamba ndi lophunzitsira: pansi pa kachigawo konyenga jambulani mzere wofiira, ndipo pansi pa chilembo chilichonse chokhulupirika ikani kadontho kakuda. Pa *said* mukhala kadontho pansi pa s, mzere wofiira pansi pa *ai*, kadontho pansi pa d. Pa *was* kadontho kakhala pansi pa w yekha, popeza a akumveka "o" ndipo s akumveka "z". Pa *the*, *th* ndi wokhulupirika mwa Chingerezi, wonyenga ndi e. *One* ndi mmodzi mwa ochepa amene amanyenga pafupifupi thupi lonse, n yekha ndiye wolungama. Makhadi awiri otsalawo akhale opanda chizindikiro chilichonse, a masewera ndi oyesera. Kumbuyo kwa khadi lophunzitsira lembani ndi pensulo kachiganizo kafupi, n'kusiya malo ochongera.

Pezaninso maenvulopu atatu kapena timapepala tapulasitiki ta shuga, mulembe "atsopano", "akubwera" ndi "ogwira". Zonse muziike m'chitini chotseka. Nyengo ya dzinja katoni imayamwa chinyontho n'kupindika, ndipo chiswe sichichedwa kuipeza ikasiyidwa pansi.

Kuphunzitsa mawu amodzi: chitsanzo cha *said*

Lolemba, khadi lisanatuluke, yambani ndi khutu. Nenani mawuwo momveka, "sed", mwana abwereze. Muuzeni tanthauzo m'Chinyanja, kuti ndi "anati" kapena "ananena", ndipo mupereke chiganizo cha pakhomo: *Mum said no*, amayi anati ayi. Mwana amene kwawo amalankhula Chinyanja, Chinsenga kapena Chitumbuka akuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, mawu achilendo ndi kalembedwe kake, choncho sitepe iyi musaidumphe. Mawu amene mwana sadziwa tanthauzo lake sakhalitsa m'mutu.

Kenako mufunseni kuti akumva maliwu angati. Awerenge ndi zala: s, e, d, atatu. Jambulani timabokosi titatu pansi kapena pa sileti. Funsani chilembo cha liwu loyamba, alembe s. Funsani cha lomaliza, alembe d. Pakati adzafuna kulemba e, ndipo muvomereni kuti wamva bwino. Tsopano tulutsani khadi lophunzitsira, mumuonetse kuti m'mawu awa liwu la "e" lalembedwa ndi a ndi i. Lozani mzere wofiira uja, munene kuti apa ndi ponyenga, apa tiloweze. Alembe *ai* m'bokosi lapakati, ayendetse chala pansi pa mawu onse kuchokera kumanzere, n'kuwerenga.

Alembe katatu akutchula, poyamba akuonera, kenako khadi litavundikiridwa. Kulemba padothi ndi kamtengo kapena ndi chala n'kwabwino kuposa pensulo pa tsiku loyamba, chifukwa akalakwa amangofufuta ndi phazi popanda manyazi. Zonsezi zisapitirire mphindi zisanu.

Lachiwiri muonetseni khadi lomwelo la mzere wofiira. N'kutheka kuti anena "sa-i-di". Musamuuze kuti aganize bwino, ndipo musamusiye alote kachiwiri ndi kachitatu, chifukwa kulota kulikonse kolakwika kumakhazikikanso m'mutu. Lozani mzere wofiira, mufunse kuti apa paja pamveka bwanji. Akapanda kukumbuka pa masekondi atatu, muuzeni, abwereze akuyang'ana zilembo, ndipo khadilo muliike kumbuyo kwa makhadi awiri okha kuti libwerenso msanga. Lachitatu kapena Lachinayi, akayamba kuyankha musanaloze mzere, sinthani mutenge khadi lopanda chizindikiro. Lachisanu mupatseni chiganizo cholembedwa papepala lina, ndi dzanja lina ngati n'kotheka: *Dad said the pot got hot.* Mawu ena onse m'chiganizochi angawatchule yekha, kupatula *the* amene anawaphunzira kale.

Tsiku lililonse limene wawerenga khadi lopanda chizindikiro molondola, pa ulendo woyamba, asanathe masekondi atatu, chongani kamodzi kumbuyo kwa khadi lophunzitsira. Kamodzi pa tsiku, ngakhale atayankha bwino kakhumi, chifukwa chimene mukuyesa ndi ngati mawuwo agona m'mutu usiku n'kudzuka nawo. Chochonga choyamba chimachotsa khadi mu "atsopano" kupita mu "akubwera". Zikakwana zisanu, lipite mu "ogwira". Makhadi ogwira muziwatulutsa kamodzi pa sabata, ndipo lolephereka libwerere mu "akubwera" popanda mlandu. Pa *said*, zimenezi zimatenga pafupifupi masabata awiri, ndipo si kuchedwa.

Mawu okhudza *the*, *they* ndi *there*: liwu la *th* mulibe m'Chinyanja, ndipo si "th" wa mu "thumba". Nsonga ya lilime imatulukira pang'ono pakati pa mano, mawu n'kumalira pakhosi. Muonetseni mwana pakamwa panu. Akamanenabe "de" kapena "ze" koma akuwazindikira mawuwo nthawi zonse, chongani ndithu, lilime lidzatsatira pambuyo. Ndiponso musavutike kumasulira *the*, alibe mnzake m'Chinyanja. Muphunzitseni ali ndi dzina kutsogolo kwake: *the dog*, *the cup*, *the bus*.

Mlingo wa tsiku ndi tsiku

Mawu atsopano atatu pa sabata ndi poyambira pabwino. Mwana akamawagwira mosavuta mungafike pa asanu, koma osapitirira. Mulu wa tsiku ukhale wa makhadi 10, asanu ndi awiri odziwika kale ndi atatu amene akuphunziridwa, kuti mwana azimva kupambana kambiri kuposa kulephera. Masabata oyambirira, pamene odziwika sanachuluke, dzazani muluwo ndi dzina lake ndi mawu osavuta monga *cat* ndi *sun*. Sakanizani makhadi tsiku lililonse. Akamabwera mu ndondomeko imodzi, mwana amawaimba ngati nyimbo, ndipo mudzamumva akutchula khadi lotsatira musanalitembenuze.

Mphindi 10 pa tsiku, masiku asanu pa sabata, zimaposa ola lathunthu Loweruka. Zitatu zipite ku mulu wa makhadi, zisanu ku sewero, ziwiri ku chiganizo. Sankhani nthawi imene mwana wadya ndipo kunja kukuwalabe.

Masewera

Sewero labwino ndi limene mwana sangapambane popanda kuyang'ana zilembo ndi kutchula mawu mokweza. Lililonse limene mungapeke, liyeseni ndi muyeso umenewu. Ndipo m'masewera muzilowa mawu ophunzitsidwa kale okha.

Phada ndiye woyamba, chifukwa ana amamudziwa ndipo safuna ndalama. Jambulani mabokosi asanu ndi limodzi pabwalo, mulembe mawu amodzi m'bokosi lililonse ndi kamtengo, kapena ndi khala ngati ndi pasimenti. Zilembo ziyang'ane kumene mwana waima. Aponye kamwala kaphanthi, awerenge mawu a m'bokosi limene kagwera asanadumphe, ndipo pobwerera awerengenso potola. Akalephera, mnzake kapena inu mumuuze, abwereze, n'kudumpha ndithu. Pakatha maulendo atatu fufutani n'kusintha malo a mawuwo, apo ayi aloweza kuti bokosi lachiwiri ndi *you* n'kusiya kuwerenga.

Sewero la fisi limakoma pa ana awiri mpaka asanu. Ikani makhadi 15 m'chitini kapena m'thumba losaonekera mkati, pamodzi ndi makhadi awiri ojambulidwa fisi, ofanana kukula ndi enawo. Mwana aliyense amatola limodzi osasuzumira. Akawerenga bwino, khadi ndi lake. Akalephera, anzake amuthandize, khadi libwerere m'chitini. Wotola fisi amabweza makhadi ake onse, fisiyo n'kuikidwa pambali. Ubwino wake ndi wakuti wowerenga bwino naye amagwidwa ndi fisi, choncho wochedwa amakhala ndi mwayi wopambana, ndiponso makhadi obwezedwa amawerengedwa kachiwiri popanda wina kudandaula. Fisi asapitirire awiri. Akachuluka palibe amene amasunga kanthu, ndipo ana a msinkhu uwu amayamba kulira.

Sewero la mapasa limagwiritsa ntchito makhadi awiri opanda chizindikiro aja. Tengani mawu asanu ndi amodzi, makhadi 12, muwayale chafufumimba pamphasa m'mizere itatu. Mwana atembenuze awiri n'kuwerenga onse mokweza, akafanana atenge. Vuto la sewero ili n'lakuti mwana angathe kufananiza maonekedwe osawerenga konse, ndiye lamulo likhale lolimba: mapasa osatchulidwa satengedwa. Onetsetsaninso kuti kumbuyo kwa makhadi n'kofanana. Katoni ya sopo yokhala ndi zithunzi kumbuyo imaulula khadi, choncho ya sewero ili matani pepala loyera kumbuyo kapena gwiritsani ntchito manila.

Kwa kalasi yaikulu, bingo wa chimanga ndi amene amagwira ana onse nthawi imodzi. Mwana aliyense ajambule mabokosi asanu ndi limodzi m'kope kapena pa sileti. Mphunzitsi alembe mawu 10 pabolodi, mwana asankhe asanu ndi amodzi n'kukopera m'mabokosi ake, ndipo kukoperako ndi phunziro kale. Mphunzitsi atchule mawu m'chiganizo, osaonetsa khadi, ana aike njere ya chimanga kapena chitsekerero cha botolo pa mawuwo. Wodzaza mabokosi onse awerenge mawu ake mokweza anzake asanamuombere m'manja. Yendani pakati pa mizere muone zimene akopera, chifukwa amene walemba *siad* akhala akuyang'ana cholakwika sewero lonse.

Masewera othamangira kubolodi kukamenya mawu amasangalatsa, koma amaphunzitsa ana awiri othamanga aja pamene ena akungokuwa, ndipo amazoloweretsa kulota mwaliwiro. Ngati muwachita, pikisanitsani ana ofanana mphamvu, ndipo womenya molakwika ataye mwayi.

Sewero lomaliza tsiku likhale lomanga chiganizo. Sakanizani makhadi onyenga ndi makhadi a mawu osavuta monga *dog*, *hen*, *ran*, *sat*, *on*, *mat*, *shop*. Nenani chiganizo, mwana ayale makhadi pansi: *He said the hen ran to me.* Kenako asinthe khadi limodzi n'kuwerenganso, ndipo akuuzeni m'Chinyanja zimene chiganizo chatsopanocho chikunena. Apa m'pamene mumadziwa ngati mawu achoka pa khadi n'kulowa m'kuwerenga kwenikweni.

Zikavuta

Mwana akamawerenga makhadi bwino koma n'kulephera mawu omwewo m'buku, choyamba yang'anani zilembo. M'mabuku ambiri osindikizidwa a ndi g amaumbidwa mosiyana ndi mmene timalembera pamanja, ndipo *The* woyamba chiganizo amaoneka wachilendo kwa amene anazolowera *the*. Muonetseni mitundu iwiriyo pambali pa inzake, mupangenso khadi lina loyamba ndi chilembo chachikulu la mawu oyambira ziganizo, monga *The*, *He*, *She*, *We* ndi *You*. Kenako mupatseni tsamba limodzi la buku asake *the* aliyense n'kuikapo njere ya mapira.

Akamati *they* poona *the*, kapena *what* poona *was*, ndiye kuti akuyang'ana chilembo choyamba chokha n'kulota zotsala. Ikani makhadi awiriwo limodzi pamwamba pa linzake, afotokoze yekha pamene akusiyana, ndipo kwa masiku angapo aziyendetsa chala mpaka chilembo chomaliza asanatsegule pakamwa. Kuwerenga *was* ngati *saw* kumachokera poyambira kumanja. Kadontho kobiriwira ku ngodya ya kumanzere kwa makhadi onse, osati limodzi lokha, kamamukumbutsa poyambira. Kutembenuza b ndi d pa zaka 6 n'kofala ndipo kumachepa mwana akamalemba kawirikawiri.

Chizindikiro china n'chobisika: mwana amene kale ankatchula *sit* ndi *pot* mwa maliwu ayamba kulota mawu alionse, ngakhale osavuta. Izi zimachitika makhadi akachuluka kuposa phunziro la maliwu, mwana n'kuganiza kuti Chingerezi chonse n'choloweza. Imitsani mawu atsopano kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mubwerere ku kulumikiza maliwu, ndipo muzimuuza momveka kuti mawu a mzere wofiira ndi ochepa, ena onse amawerengeka. Kuwerenga Chinyanja kusaime chifukwa cha makhadiwa, popeza ndi kumene kumalimbitsa chizolowezi choyang'ana chilembo chilichonse.

Ngati papita masabata asanu ndi limodzi mukuchita tsiku ndi tsiku koma mawu atatu oyamba sakugwirabe, tsikirani pa mawu amodzi pa sabata ndipo mumuyang'anitsitse mwanayo. Akamatsinzinira, kuyandikitsa khadi kumphuno, kupendeketsa mutu, kapena kufunsa kuti mubwereze zimene mwanena, pitani naye kukiliniki akamuone maso ndi makutu. Kambiranani ndi aphunzitsi ake, mutatenga maenvulopu atatu aja, chifukwa zochonga za kumbuyo kwa makhadi zimaonetsa mawu amene akukanika ndi masiku amene mwayesa.